Mmene mungalembere kalata youza kasitomala chifukwa chimene mauthenga ake asiyira kudzitumiza okha pa Facebook

Anthu ambiri amene amayendetsa masamba a Facebook a mabizinesi a anthu ena, monga malo ogona alendo a ku Likhubula, mashopu a pa Chitakale kapena ogulitsa mbande ku Bvumbwe, salemba uthenga uliwonse pa nthawi imene ukutuluka. Amakonzeratu mauthenga a sabata yonse kapena a mwezi wathunthu, n'kuwasiya m'pulogalamu imene imawatumiza yokha pa tsiku ndi ola limene yauzidwa. Pulogalamu yotere si ya Facebook, ndipo imalowa kumeneko ndi chilolezo chimene kampani ya Meta, yomwe ndi mwini wa Facebook, imapereka ndiponso imatha kulanda. Chilolezocho chikasintha, mauthenga amaima osachita phokoso lililonse, ndipo nthawi zambiri woyamba kuzindikira amakhala kasitomala yemwe akulipira. Kalata imene mungamulembere ikhala ndi phindu pokhapokha itayankha funso limene iye ali nalo mumtima, lakuti kodi zimenezi zikonzeka kapena zatheratu. Ndiye chifukwa chake ntchito yaikulu imachitika musanalembe mzere woyamba.

Choyamba: dziwani mtundu wa vuto musanagwire cholembera

Mauthenga akaima, chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa zitatu, ndipo chilichonse chimafuna kalata yakeyake. Zili ngati munthu amene wakanika kulowa m'sitolo ya bwana wake: mwina kiyi yake yatha ntchito, mwina bwana wamuletsa kulowa chipinda china, kapena khomolo alitseka ndi njerwa.

Vuto loyamba ndi la kiyi yolowera, imene pa sikirini imalembedwa `access token`. Kiyi ya munthu imene imakhalitsa imatha pakapita masiku pafupifupi 60, ndipo imafanso nthawi yomweyo mwini akauntiyo akasintha pasiwedi kapena akachotsa pulogalamuyo pa akaunti yake. Zikatero pulogalamu imalandira nambala ya vuto `190`, ndipo pansi pake pamakhala kanambala kena: `463` ngati kiyi yatha nthawi, `460` ngati pasiwedi yasinthidwa, ndi `458` ngati mwini wake anachotsa pulogalamuyo. Limeneli si vuto la kusintha kwa malamulo a Facebook, ndipo kulemba kalata yonena kuti Meta yasintha zinthu pamene kasitomala anangosintha pasiwedi ndi kumunamiza. Limakonzeka m'mphindi zochepa polumikizanso akaunti.

Vuto lachiwiri ndi la chilolezo chimene chilipobe koma pulogalamuyo ilibe. Apa nambala imakhala `10` kapena `200`, ngakhalenso ina ya pakati pa `200` ndi `299`. Chitsanzo chake ndi cha mu Meyi 2020, pamene Meta, imene nthawiyo inkadziwika kuti Facebook, inayamba kuchotsa zilolezo ziwiri zakale, `manage_pages` ndi `publish_pages`, n'kuikapo zing'onozing'ono zingapo monga `pages_manage_posts` ndi `pages_read_engagement`. Ntchito yotumiza mauthenga pa tsamba la bizinesi sinathe, koma mapulogalamu anayenera kuyamba kugwiritsa ntchito zilolezo zatsopanozo. Ngati muli ndi mwayi wolowa mu Graph API Explorer, chida cha Meta choyesera mapulogalamu, funso lalifupi ili limaonetsa zimene pulogalamu yaloledwa:

```
GET /me/permissions
```

Yankho lake limabwera motere, ndipo mawu oyang'ana ndi `granted` kapena `declined`:

```
{"data": [{"permission": "pages_manage_posts", "status": "declined"}]}
```

Chilolezo chikaoneka kuti `declined`, ndiye kuti wina anachikana pa nthawi yolumikiza akaunti, mwina poopa mawu ambirimbiri amene anatuluka pa foni, ndipo mwini tsamba akhoza kuchivomerezanso. Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu yolipira ya kampani ina ndipo simungafike kumeneko, tsegulani mndandanda wa mauthenga amene analephera, werengani mawu amene alembedwa pambali pa uliwonse, kenako fufuzani chilengezo cha kampaniyo komanso cha Meta.

Vuto lachitatu ndi limene malangizo ano akukhalapo kwambiri, chifukwa ndi limene limavuta kulifotokoza: chilolezo chathetsedwa kwa aliyense, ndipo palibe amene angachipemphenso. Zinachitika pa 1 Ogasiti 2018, pamene chilolezo cha `publish_actions` chinatha ndipo mapulogalamu analeka kutumiza okha mauthenga pa akaunti ya munthu payekha. Zinachitikanso mu 2024. Pa 23 Januwale chaka chimenecho, potulutsa Graph API v19.0, mtundu watsopano wa njira imene mapulogalamu amalumikizirana nayo ndi Facebook, Meta inalengeza kuti ikuthetsa Groups API, njira yolowera m'magulu a pa Facebook, pamodzi ndi chilolezo cha `publish_to_groups`, ndipo patatha masiku 90, pa 22 Epulo 2024, njirayo inatsekedwa kwa mapulogalamu onse. Kuyambira pamenepo pulogalamu ya kampani ina siingathe kutumiza yokha uthenga m'gulu la pa Facebook. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mauthenga a pa tsamba akutulukabe bwinobwino, a m'magulu okha ndi amene aima, ndipo kulumikizanso akaunti sikusintha kanthu.

Chachiwiri: werengani zimene zatayika

Tiyerekeze kuti kasitomala wanu ndi bambo amene ali ndi malo ogona alendo ku Likhubula, komwe anthu ambiri amayambira kukwera phiri la Mulanje. Munagwirizana kuti muzitumiza mauthenga atatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, m'malo atatu: pa tsamba la bizinesi, m'gulu la alendo awo akale limene iwo anayambitsa, ndi m'gulu la operekeza alendo m'phiri limene iwo ndi mmodzi wa oyang'anira. Amalipira K90,000 pa mwezi, imene ikutanthauza mauthenga 36 pa masabata anayi, kapena K2,500 pa uthenga umodzi. Lachisanu pa 3 Meyi 2024 akuimbirani foni kuti m'magulu muja simukuoneka kanthu.

Tsegulani mbiri ya pulogalamu ndipo mulembe pa pepala zinthu izi musanayankhe chilichonse chotsimikiza: tsiku la uthenga womaliza umene unatuluka, masiku a mauthenga onse amene analephera, ndi zimene uthenga uliwonse unkanena. M'chitsanzo chathu womaliza unatuluka Lachisanu pa 19 Epulo, ndipo amene analephera ndi a pa 22, 24, 26 ndi 29 Epulo komanso a pa 1 ndi 3 Meyi. Ndi mauthenga 6 m'gulu lililonse, ndipo magulu awiriwo pamodzi ndi 12. Tsiku lolemba m'kalata mulitenge m'mbiri yanuyo, osati m'chilengezo cha Meta chokha, chifukwa makampani ena opanga mapulogalamuwa anatseka ntchito ya m'magulu tsiku lomaliza lisanafike.

Kenako muone mauthenga amene akadali ndi ntchito. Mwa mauthenga 6 aja, awiri ankalengeza mtengo wotsitsa wa tchuthi cha pa 1 Meyi, tsiku la anthu apantchito, ndipo nthawi yawo yadutsa. Kuwatumiza tsopano kungangobweretsa mkangano ndi alendo ofuna mtengo umene unatha. Anayi otsalawo ndi ofotokoza zipinda, chakudya ndi njira yochokera pa Chitakale, ndipo akhoza kutuluka tsiku lina lililonse. Lowaninso m'magulumo ndi maso anu kuti muone ngati mauthenga akale akadalimo. Musangoganiza kuti alimo: kumapeto kwa Ogasiti 2018 mauthenga akale amene anthu ankatumiza ku Facebook kuchokera ku Twitter anasowa kwa kanthawi asanabwezeretsedwe, ndipo kasitomala wosamala adzafunsa za zimenezi.

Chachitatu: konzani njira zina musanauze munthu kuti njira yatsekedwa

Kalata yongonena kuti zinthu zalephereka imasiya mwini bizinesi ali kakasi, ndipo ambiri akatero amapita kwa munthu wina amene angawalonjeze zosatheka. Pa nkhani ya magulu pali njira zenizeni zitatu. Facebook yeniyeniyo imalola woyang'anira gulu kapena womuthandiza, amene pa sikirini amatchedwa `Admin` ndi `Moderator`, kulemba uthenga m'gulumo n'kusankha tsiku ndi ola loti utuluke. Kotero kasitomala akakupatsani udindo wa `Moderator`, ntchito yokonzeratu mauthenga ikhoza kupitirira, kungoti muzilowa gulu lililonse palokha, zimene zimadya nthawi ndi bandulo. Njira yachiwiri ndi yoti inu muzikonza mawu ndi zithunzi n'kutumiza pa WhatsApp kwa wantchito wa pamalopo kuti iye aziika yekha. Yachitatu ndi kusiya magulu n'kutsala ndi tsamba lokha, limene mauthenga ake akhoza kukonzedweratu ngakhale mu Meta Business Suite popanda kulipira.

Pali njira yachinayi imene anthu ena amatsatsa, yoti pulogalamu izilowa ndi pasiwedi ya mwini akaunti n'kumadina mabatani ngati munthu. Imeneyi musaiike pa mndandanda wa zosankha. Imaphwanya malamulo a Facebook, ndipo akaunti imene ingatsekedwe ndi ya kasitomala, osati ya wotsatsayo. Koma muitchule m'kalata ndi chiganizo chimodzi chochenjeza, chifukwa mukapanda kutero adzaimva kwa wina n'kuganiza kuti inu simukuidziwa.

Chachinayi: ndondomeko ya kalatayo

Ndime yoyamba inene chimene chaima, tsiku limene chinaima, ndi chimene chikugwirabe ntchito. Anthu ambiri amayamba ndi mbiri yaitali ya kampani ya Meta, ndipo wowerenga amafika pakati pa tsamba asanadziwe ngati tsamba lake la bizinesi lili moyo. Ndime yachiwiri ifotokoze chifukwa chake m'mawu amene munthu wosadziwa za mapulogalamu angathe kubwereza kwa mkazi wake kapena kwa mnzake wa bizinesi. Mayina monga `publish_to_groups` ndi manambala a mavuto muwaike kumapeto, m'kandime kapadera, kuti amene akufuna kufunsa katswiri wina akhale ndi poyambira. Pomwepo munene mosabisa kuti akaunti sinabedwe ndiponso sinalangidwe, pakuti mantha oyamba a anthu ambiri amakhala amenewo.

Pali mawu awiri oti muwapewe. Oyamba ndi akuti "tikukonza", pamene mukudziwa kuti palibe chokonza. Mawu amenewa amachititsa munthu kudikira sabata ndi sabata, ndipo tsiku limene adzadziwe zoona adzakwiya kawiri. Achiwiri ndi akuti "si vuto lathu". N'zoona kuti amene anatseka njira ndi Meta, koma chilengezo chinatuluka mu Januwale, ndipo woyendetsa masamba amene sanachenjeze kasitomala kapena amene anatha masabata awiri osaona kuti mauthenga sakutuluka ali ndi gawo lake. Gawolo linenedwe kamodzi, m'chiganizo chimodzi, ndipo litsatidwe ndi chimene chasintha kuti zisabwerezeke. Kupepesa m'ndime iliyonse kumabisa mfundo zimene munthuyo akufunika kuti asankhe chochita.

Nkhani ya ndalama muiyambitse ndinu. Kenako mumalize ndi pempho limodzi lokha, lokhala ndi tsiku lake. Kalata ya m'chitsanzo chathu ingakhale motere.

4 Meyi 2024

Kwa Mwini Malo Ogona Alendo,
Likhubula, Mulanje.

Wokondedwa Bambo,

KUIMA KWA MAUTHENGA ODZITUMIZA OKHA M'MAGULU ANU AWIRI A PA FACEBOOK

Ndalemba kalatayi potsatira foni imene munandiimbira dzulo. Mauthenga amene ankatuluka okha m'gulu la alendo anu akale ndi m'gulu la operekeza alendo m'phiri anaima kuyambira Lolemba pa 22 Epulo, ndipo womaliza unatuluka Lachisanu pa 19 Epulo. Tsamba lanu la bizinesi silinakhudzidwe, ndipo mauthenga ake onse akhala akutuluka pa nthawi yake. Ndalowanso m'magulu onse awiri ndipo ndaona kuti mauthenga akale akadalimo.

Chifukwa chake n'chakuti kampani ya Meta, mwini wa Facebook, inathetsa chilolezo chimene mapulogalamu a makampani ena ankagwiritsa ntchito potumiza mauthenga m'magulu. Lamuloli likukhudza mapulogalamu onse otere pa dziko lonse, osati yathu yokha. Akaunti yanu sinabedwe, simunalangidwe, ndipo palibe chimene inu kapena antchito anu munalakwitsa. Ndikufuna kuti mudziwe poyera kuti limeneli si vuto loti tidikire kuti likonzeke: njira yakaleyo yatsekedwa, ndipo kusintha pasiwedi kapena kugula pulogalamu ina yamtundu womwewo sikungaitsegule.

Meta inalengeza za kusinthaku pa 23 Januwale, ndipo ndinayenera kukudziwitsani nthawi imeneyo komanso kuona msanga kuti mauthenga sakutuluka. Pa zimenezi ndikupepesa. Kuyambira tsopano ndizitsegula malo onse atatu tsiku lililonse limene uthenga ukuyenera kutuluka, ndipo Lachisanu lililonse ndizikutumizirani mndandanda wa mauthenga amene atuluka.

Mauthenga amene sanatuluke ndi 6 m'gulu lililonse, onse pamodzi 12. Awiri a m'gulu lililonse anali a mtengo wotsitsa wa pa 1 Meyi, ndipo sindiwatumizanso chifukwa nthawi yawo yapita. Anayi otsalawo akhoza kutulukabe. Popeza mumalipira K90,000 pa mauthenga 36, ndichotsa K30,000 ya mauthenga 12 amenewa pa ndalama za mwezi wa Meyi.

Pali njira zitatu zimene tingatsate. Yoyamba ndi yoti mundipatse udindo wa `Moderator` m'magulu onse awiri, kuti ndizikonzeratu mauthenga m'kati mwa Facebook momwemo. Mtengo ukhala womwewo. M'gulu la alendo akale mungathe kutero nokha, koma m'gulu la operekeza alendo ndi bwino muyambe mwafunsa oyang'anira anzanu. Yachiwiri ndi yoti ndizitumiza mawu ndi zithunzi pa WhatsApp kwa wantchito amene mungamusankhe, kuti iye aziika m'magulumo pa masiku amene tinagwirizana. Yachitatu ndi kusiya magulu n'kutsala ndi tsamba lokha, pa K30,000 pa mwezi. Ine ndikulangiza njira yoyamba, chifukwa nyengo ya alendo okwera phiri ikuyamba ndipo siidalira kuti wantchito wina akumbukire. Wina akakuuzani kuti ali ndi pulogalamu yotumizabe yokha m'magulu bola mumupatse pasiwedi yanu, chonde musavomere, pakuti zimenezo zikhoza kutsekeretsa akaunti yanu. Inenso sindikufuna pasiwedi yanu pa njira iliyonse mwa zitatuzi.

Chonde mundiuze njira imene mwasankha pofika Lachitatu pa 8 Meyi, kuti mauthenga a tchuthi cha pa 14 Meyi adzatuluke nthawi yabwino.

Ine wanu,
Woyendetsa masamba anu.

Kwa amene angafune kufufuza: kusinthaku kunalengezedwa pamodzi ndi Graph API v19.0, ndipo zimene zinathetsedwa ndi Groups API ndi chilolezo cha `publish_to_groups`, kuyambira pa 22 Epulo 2024.

Chachisanu: ngati vuto ndi lokonzeka, kalata isinthe pakati

Kufufuza kwanu kukaonetsa kuti vuto ndi la mtundu wachiwiri, loti chilolezo chilipo koma chikufunika kuvomerezedwanso, mutu wa kalata ndi kuwerengera kwa zotayika zikhale chimodzimodzi, koma ndime ya njira zitatu ichoke. M'malo mwake mulembe masitepe amene mwini tsamba atsate pa foni yake, sitepe iliyonse m'chiganizo chake, ndipo mawu a pa mabatani muwalembe monga momwe akuonekera pa sikirini. Mumuuze kuti alowe ndi akaunti imene ili ndi ulamuliro pa tsambalo, chifukwa m'mabizinesi ambiri a kuno tsamba linatsegulidwa ndi mwana wa m'nyumbamo kapena wantchito amene anachoka kalekale, ndipo mwini bizinesi amapezeka kuti alibe mphamvu yovomereza chilichonse. Mumuuzenso kuti pakatuluka mndandanda wa masamba asankhe tsamba la bizinesiyo, ndipo asazimitse chilolezo chilichonse chimene pulogalamuyo yapempha pa tsambalo, pakuti kuzimitsa `pages_manage_posts` kokha kumabwezeretsa vuto lomwe lija. Mapulogalamu amene analumikizidwa kale amaoneka pa `Business Integrations` mu `Settings`, ndipo ngati kulumikizanso kukukanika, kuchotsa pulogalamuyo pamenepo n'kuyambiranso nthawi zambiri kumathandiza.

M'kalata yotere musalonjeze tsiku limene mauthenga adzayambirenso ngati kampani yopanga pulogalamuyo ikudikirabe kuti Meta iunike pempho lake la chilolezo chatsopano, chimene chimatchedwa `App Review`. Nthawi ya kuunikako siili m'manja mwanu. Lonjezani tsiku limene mudzalembenso kunena pamene zinthu zafika, ndipo munene mmene mauthenga azitulukira podikirapo.

Chachisanu ndi chimodzi: kutumiza ndi kutsimikiza

Musanatumize, perekani kalatayo kwa munthu amene sadziwa za ntchitoyi kuti awerenge, kenako mumufunse ngati vutolo likonzeka kapena ayi, ndiponso chimene mwini bizinesi akupemphedwa kuchita. Akalephera kuyankha limodzi mwa mafunso awiriwa, ndime yachiwiri kapena yomaliza ikufunika kulembedwanso. Yerekezaninso masiku ndi manambala onse ndi mbiri ya pulogalamu, chifukwa kasitomala adzawerenga yekha mauthenga a m'gulu, ndipo akapeza kuti mwalemba 6 pamene ndi 7 adzakayikira kalata yonse.

Tumizani kalatayo pa imelo ngati kasitomala amaigwiritsa ntchito, koma muiikenso pa WhatsApp ngati PDF, limodzi ndi chithunzi chimodzi cha mndandanda wa mauthenga olephera. Pa chithunzicho pasaoneke kiyi yolowera ija, chifukwa aliyense amene waiona ikadali yamoyo akhoza kuigwiritsa ntchito pa tsambalo. Kwa munthu wachikulire kapena amene mwagwira naye ntchito nthawi yaitali, imbani foni poyamba n'kunena kuti kalata ikubwera. Kalata ya nkhani ya ndalama yongofika mwadzidzidzi imaoneka ngati mwano, ngakhale mawu ake atakhala aulemu.

Kasitomala akasankha njira, muzimitse m'pulogalamu yakale mauthenga onse amene ankadikira kupita m'magulu, kuti asamangolephera n'kusokoneza mbiri yanu. Kenako konzani uthenga umodzi woyesera m'gulu la alendo akale kuti utuluke pakatha ola limodzi, ndipo ukatuluka mumutumizire chithunzi chake. Mauthenga anayi otsala aja musawatulutse tsiku limodzi. Muwagawe pa masabata awiri, pa masiku amene palibe uthenga wina, monga Lachiwiri ndi Lachinayi.